Ndi Thupi la Kwawo Kapena ndi Mphika? Zimene Mapasa ndi Ana Oleredwa kwa Eni Atiphunzitsa

Pa ukwati kapena pamaliro, abale amene akhala zaka osaonana akakumana, sipalephera kukhala wina woloza ndi mlomo n'kunena kuti, "Taonani ana a achemwali aja, onse thupi ngati mayi wawo." Wina amayankha kuti, "Ndi thupi la kwawo limenelo, ngakhale agogo awo anali chomwecho." Wachitatu amakana n'kunena kuti, "Iyayi, ndi mphika. Pakhomo paja tiyi wa mkaka ndi mandasi sizisowa." Mkangano wotere sutha, pakuti aliyense ali ndi mwambi womuikira kumbuyo. Uyu amati make mbuu, mwana mbuu, uyo amati kuwongola mtengo m'poyamba.

Chimene chimaulepheretsa kutha n'chakuti mayi amene anapatsa mwana magazi ake ndi yemweyonso amene amamuphikira. Bambo amene mwana anatengera msinkhu ndi yemweyo amene amagula ndiwo. M'banja wamba chibadwa ndi kaleredwe zimalukana ngati chingwe, moti ngakhale mutayeza mabanja chikwi n'kupeza kuti makolo onenepa amakhala ndi ana onenepa, simungadziwe ngati chanenepetsa anawo ndi magazi kapena mphika. Kuti mumasule chingwecho, mufunika mabanja amene ziwirizi zinalekana zokha. Mabanja otere alipo a mitundu iwiri: okhala ndi mapasa, ndi amene akulera mwana wosakhala wa magazi awo. Ine nditsata nkhani imodzi yokha, ya kukula kwa thupi, popeza pa nkhaniyi njira zonse ziwiri zinayesedwa bwino ndipo malire ake amaonekera poyera.

Mapasa ali pawiri

Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi limene linagawanika mimba itangoyamba. Majini awo, kapena kuti tinthu ta m'maselo timene timanyamula zakumtundu kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, amakhala amodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake onse amakhala anyamata kapena onse atsikana. Mapasa osafanana amachokera ku mazira awiri. Iwowa ndi pachibale wamba, ngati mkulu ndi mng'ono wake, kungoti anakhala m'mimba nthawi imodzi. Pa majini amene amasiyanitsa munthu ndi mnzake, mapasa osafanana amagawana pafupifupi theka.

Mitundu iwiri ya mapasayi imaleredwa mofanana: nyumba imodzi, mbale imodzi, zaka zofanana. Chosiyana ndi majini, awa onse, awo theka. Choncho ngati pa chinthu china mapasa a dzira limodzi akufanana kwambiri kuposa a mazira awiri, kusiyanako kukuloza ku majini. Francis Galton wa ku England analemba za mapasa mu 1875 pofuna kulekanitsa chibadwa ndi kaleredwe, koma kuyerekeza mitundu iwiriyi mwadongosolo kunayamba cha m'ma 1924, pamene dokotala wa khungu wa ku Germany, Hermann Siemens, anawerenga timadontho takuda ta pakhungu la mapasa a mitundu yonse iwiri.

Pa nkhani ya thupi, ofufuza sangoyang'ana makilogalamu okha, chifukwa munthu wamtali amalemera ngakhale ali wowonda. Amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwake m'mamita, kenako n'kugawanso kachiwiri ndi kutalika komweko. Munthu wa makilogalamu 72 wotalika mamita 1.7 amapeza pafupifupi 25. Umenewo ndiwo muyeso wa thupi. Akayeza mapasa ambirimbiri, amawerengera nambala ina yosonyeza kufanana kwa awiriawiriwo. Nambalayi ikakhala 1, ndiye kuti ukadziwa muyeso wa mmodzi wadziwiratu wa mnzake. Ikakhala 0, ndiye kuti awiriwo sakufanana kuposa anthu awiri ongokumana pamsika.

Mu 1986, Albert Stunkard wa ku yunivesite ya Pennsylvania ku America ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa mapasa aamuna amene analowa usilikali m'dzikolo: mapeyala 1,974 a mapasa ofanana ndi mapeyala 2,097 a mapasa osafanana. Anali ndi miyeso yawo ya pamene ankalembedwa usilikali ali ndi zaka pafupifupi 20, ndi ina ya patapita zaka 25. Tikadula manambala kuti awerengeke mosavuta, kufanana kwa mapasa a dzira limodzi kunali cha pa 0.8, pamene kwa mapasa a mazira awiri kunali cha pa 0.4.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo amadziwika ndi dzina la Douglas Falconer, katswiri wa zakumtundu wa ku Edinburgh. M'mabuku amalembedwa chonchi:

```
h² = 2 × (rMZ − rDZ)
```

Apa rMZ ndi kufanana kwa mapasa a dzira limodzi, rDZ ndi kufanana kwa a mazira awiri, ndipo h² ndi gawo la chibadwa. Tikachotsa 0.4 pa 0.8 patsala 0.4. Kusiyana kumeneku kwabwera ndi theka chabe la majini, theka lija limene mapasa ofanana amagawana koma osafanana sagawana. Kuti tipeze mphamvu ya majini onse, tiwirikiza kawiri n'kupeza 0.8. Izi zikutanthauza kuti mwa kusiyana konse kwa matupi kumene kunalipo pakati pa amuna aja, magawo asanu ndi atatu pa khumi ankatsata majini. Stunkard ndi anzake anapeza 0.77 pa zaka 20 ndi 0.84 atakula.

Nanga magawo awiri otsalawo? Mapasa ofanana ali ndi majini amodzi ndi nyumba imodzi, komabe kufanana kwawo sikunafike pa 1. Chimene chasowacho, 0.2, ndi zimene munthu amakumana nazo payekha: matenda amene anagwira uyu n'kusiya uyo, ntchito ya pamakina ndi ya muofesi, fodya, mkazi wodziwa kuphika, ngakhalenso sikelo yonama. Ndiyeno pali gawo lachitatu, la nyumba imene anakuliramo limodzi. Limapezeka pochotsa gawo la chibadwa pa kufanana kwa mapasa a dzira limodzi, ndipo apa 0.8 kuchotsa 0.8 sipatsala kanthu. Mphika uja umene tinkauloza chala sukuoneka m'masamuwa.

Kuti muone kuti njirayi siimangokondera majini, iyeseni pa chilankhulo. Sonkhanitsani mapasa ku Mzimba, ku Mangochi, ku Dedza ndi ku Nsanje, n'kufunsa chilankhulo chimene aliyense anayamba kuyankhula. Mapasa ofanana onse awiri adzanena chimodzi, osafanana nawonso chimodzimodzi. Kufanana ndi 1 uku ndi 1 uko, kusiyana palibe, gawo la chibadwa ndi 0, ndipo zonse zikugwera ku nyumba imene anakuliramo. Yankho limeneli ndi loona, pakuti palibe amene amabadwa ndi Chitumbuka kapena Chisena m'magazi.

Pali chotsutsa chimodzi chimene munthu aliyense amene anaonapo mapasa angachiganizire yekha. Mapasa ofanana timawaveka zofanana, timawasokoneza mayina, amayendera limodzi, ndipo ambiri amakhala pafupi mpaka kukalamba. Ngati amaleredwa mofanana kwambiri kuposa mapasa osafanana, ndiye kuti masamu aja akupatsa majini ulemu umene mwina ndi wa kaleredwe. Ofufuza anayesa kuona kukula kwa vutoli pofufuza mapasa amene makolo awo ankawaganizira molakwa, monga a dzira limodzi amene kwawo ankawayesa a mazira awiri. Kawirikawiri kufanana kwa mapasa otere kumatsata majini awo enieni, osati zimene makolo ankakhulupirira. Komabe chotsutsachi sichinafe, ndipo palinso china cha m'mimba: mwa mapasa ofanana atatu alionse, pafupifupi awiri amagawana nsengwa imodzi, zimene sizichitika kwa osafanana. N'chifukwa chake mboni yachiwiri ikufunika, mboni imene zofooka zake ndi zina.

Mwana wa magazi ena pa mphika wina

Mwana amene watengedwa ali wakhanda n'kukaleredwa ndi anthu osakhala abale ake amakhala ndi makolo anayi. Awiri anamupatsa majini koma sanamuphikire. Awiri anamuphikira koma sanamupatse majini. Akakula, funso ndi limodzi: wafanana ndi ati?

Kwathu kuno ana okulira m'nyumba zosakhala za makolo awo ndi ambiri, ndipo wina angaganize kuti kafukufuku wotere angachitike m'mudzi uliwonse. Koma taonani amene amalera: malume, azakhali, agogo, mayi aang'ono. Onsewa ali ndi magazi a mwanayo. Malume amagawana ndi mwana wa mlongo wawo gawo limodzi mwa magawo anayi a majini, ndipo agogo chimodzimodzi. Mwana woleredwa ndi malume akafanana nawo thupi, tabwerera pa chingwe cholukana chija. Kuwonjezera apo, ambiri amapita kwa abale atakula kale, atadya nsima ya mayi wawo zaka zingapo. Kaleredwe kathu ndi chuma kwa mwanayo, koma sikangayankhe funsoli.

Dziko limene linali ndi zofunika zonse ndi Denmark. Kumeneko boma linkalemba m'kaundula mwana aliyense wotengedwa ndi banja lina, dzina la mayi womubereka, la bambo wake, ndi la omulera, ndipo anthu onse a m'dzikolo ankatha kupezeka kulikonse kumene asamukira. Stunkard yemwe uja anagwirizana ndi Thorkild Sørensen ndi anzake a ku Copenhagen. Anatenga anthu akuluakulu 3,580 amene anatengedwa ali ana pakati pa 1924 ndi 1947 ndi mabanja osakhala a abale awo. Pa amenewa anasankha 540 n'kuwagawa m'magulu anayi: owonda, apakatikati, onenepa, ndi onenepa kwambiri. Kenako anafufuza miyeso ya makolo a mbali zonse ziwiri.

Zotsatira zake zinatuluka mu 1986 momwemo. Ukamakwera kuchoka pa gulu la owonda kupita pa la onenepa kwambiri, muyeso wa makolo obereka unkakwera nawo, makamaka wa amayi. Muyeso wa makolo olera sunkatsatira n'komwe. Munthu amene anadya pa tebulo limodzi ndi mayi wonenepa zaka zonse za ubwana wake sanatenge thupi la mayiyo, koma la mayi amene mwina sanamuonepo nkhope. Ndipo sizinali za kunenepa kokha: owonda nawonso anali ndi makolo obereka owonda.

Mu 1990 Stunkard ndi anzake ena anaonjezera umboni wochokera ku Sweden, kumene kuli kaundula wamkulu wa mapasa. Anapeza mapeyala 93 a mapasa ofanana amene analekanitsidwa ali ana n'kukulira m'nyumba zosiyana. Kufanana kwa matupi awo kunali 0.70 kwa amuna ndi 0.66 kwa akazi, kungotsika pang'ono poyerekeza ndi mapasa ofanana amene anakulira pamodzi.

Umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa ku Quebec m'dziko la Canada, chifukwa uli ngati mukuuona ndi maso. Ofufuza a ku yunivesite ya Laval anatenga mapeyala 12 a anyamata, onse mapasa ofanana, n'kuwasunga pamalo amodzi masiku 100. Aliyense anayamba wayezedwa kuti adziwe chakudya chimene thupi lake limafuna kuti lisakwere kapena kutsika. Kenako ankamuwonjezera makalori 1,000 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo onse ankaletsedwa ntchito zolemetsa. Pomaliza onse ananenepa, koma mosiyana zedi: wotsika kwambiri anawonjezera makilogalamu 4.3, wokwera kwambiri 13.3. Chakudya chowonjezera chinali chimodzimodzi kwa onse. Ndipo amene ananenepa kwambiri, mnzake wobadwa naye ankakhalanso pafupi pomwepo. Amene ananenepa pang'ono, mnzake chimodzimodzi. Mayi amene amadandaula kuti "ine ndikangodya pang'ono thupi limabwera, koma mnzangayu amadya ngati dzombe osasintha" sakunama.

Mboni ya ana oleredwa kwa eni nayo ili ndi zofooka zake, ndipo ziwiri n'zazikulu. Choyamba, mayi wobereka sapatsa mwana majini okha; amamupatsanso miyezi isanu ndi inayi ya m'mimba. Pa njala imene inagwa ku Netherlands kumapeto kwa nkhondo, m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, ana aamuna amene amayi awo anasowa chakudya mimba ili yaing'ono anadzapezeka onenepa kwambiri kuposa anzawo pamene ankayezedwa usilikali ali ndi zaka 19. Kumeneko si kutengera majini, ndi chipsera cha m'mimba. Njira yoonera vutoli ndi kuyang'ana bambo wobereka, amene sananyamule mimba. Ngati mwana akufanana nayenso, majini alipo ndithu, ndipo ku Denmark kufanana ndi abambo kunaoneka, ngakhale kunali kocheperapo.

Chachiwiri, mabanja olandira ana amasankhidwa. Ofesi yoona za ana siipereka khanda kwa banja logona ndi njala kapena la chidakwa. Motero nyumba zonse zimene ana aja anakuliramo zinali zofananako: zokhala ndi chakudya chokwanira, m'dziko limodzi, pa nthawi imodzi. Ukayerekeza miphika yodzaza yokhayokha, n'zosadabwitsa kupeza kuti mphika suli ndi mphamvu.

Pa mapasa olekanitsidwa m'pofunikanso kufunsa kuti kulekanako kunali kotani. Pa kafukufuku wina wotchuka wa ku England wa 1962, oposa theka la mapasa otchedwa olekanitsidwa anakulira kwa abale, wina kwa mayi wake, wina kwa azakhali kapena agogo, ena m'tauni imodzi ndi pa sukulu imodzi. Ndipo pali nkhani ya Cyril Burt, katswiri wina wa ku England komweko amene ankayeza nzeru za mapasa olekanitsidwa. Mapeyala ake anakwera kuchoka pa 21 kufika pa 53, koma nambala ya kufanana inangokhala 0.771 osasuntha. Manambala enieni sachita zimenezo. Ukaonjezera anthu amagwedezeka ndithu. Leon Kamin anaulula zimenezi mu 1974, Burt atamwalira kale, ndipo lero ofufuza sagwiritsanso ntchito manambala ake.

Chimene nambala ya 0.8 siikunena

Apa m'pamene anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amagwera m'mbuna. Akamva kuti gawo la chibadwa ndi 0.8, amaganiza kuti pa makilogalamu 100 a munthu, 80 ndi a makolo ndipo 20 ndi a nsima. Si choncho ayi. Nambalayi siinena kanthu za munthu mmodzi. Ikunena za kusiyana kwa pakati pa anthu a gulu limodzi, a malo amodzi, pa nthawi imodzi.

Mlimi angamvetse izi msanga, ndipo katswiri wina, Richard Lewontin, anagwiritsa ntchito chimanga pozifotokoza. Tapani mbewu ya chimanga cha makolo m'nkhokwe imodzi, manja awiri. Dzanja limodzi bzalani m'munda wa manyowa, lina pa mchenga woguga. M'munda wa manyowa mapesi ena adzatalika kuposa anzawo, ndipo popeza nthaka ndi imodzi, kusiyanako ndi kwa mbewu. Pa mchenga paja chimodzimodzi. M'munda uliwonse paokha gawo la chibadwa ndi lalikulu. Koma kusiyana kwa minda iwiriyi, uwu wobiriwira uwo wachikasu ndi wopinimbira, ndi kwa nthaka yokha, chifukwa mbewu inachokera m'nkhokwe imodzi.

Anthu nawonso ndi chimodzimodzi. Ku America komwe Stunkard anafufuza za asilikali aja, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 akuluakulu onenepa kwambiri anali pafupifupi 13 pa 100 alionse. Pofika 2018 anali opitirira 40. Majini a mtundu wa anthu sasintha m'zaka makumi asanu. Chinasintha ndi munda wonse: zakumwa za shuga, chakudya chotchipa cha mafuta, galimoto m'malo mwa miyendo. Majini amauza kuti m'munda wotere ndani adzanenepa msanga, makamaka kudzera m'njala ndi kukhuta, poti ena amakhuta mochedwa kuposa anzawo. Koma sanena kuti munda ukhale wotani. Tionjezere kuti mwa ana aang'ono, amene sasankha okha chakudya, gawo la nyumba limaoneka ndithu m'kafukufuku wa mapasa, ndipo limazilala akamakula. Komanso kafukufuku wa masiku ano woyeza majini mwachindunji mwa anthu osakhala pachibale amapeza gawo la chibadwa locheperapo kuposa la mapasa. Ine ndimaona 0.8 ngati denga, osati pakati.

Ndiye munthu akatenga nambala ya ku Denmark kapena Sweden n'kuibweretsa ku Chikwawa, walakwitsa. Kumeneko miphika inali yodzaza yonse. Kuno pali khomo limene limadya katatu ndi lina limene mu Januwale limadya kamodzi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Msinkhu ndi chimodzi mwa zinthu zotengera kumtundu kwambiri, koma kupinimbira kumeneku si kwa kumtundu. Mawu akuti "kwawo ndi aafupi" abisa ana ambiri amene akanathandizidwa.

Mapasa a kwathu

Dziko lathu linaperekapo umboni wake pa nkhani ya mapasa, ndipo ndi umboni wodziwika padziko lonse. Ofufuza a ku yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis, motsogozedwa ndi Jeffrey Gordon, pamodzi ndi Mark Manary ndi akatswiri a kusukulu ya udokotala ya ku Blantyre, anatsatira mapeyala 317 a mapasa a m'midzi ya m'chigawo chakumwera m'zaka zitatu zoyambirira za moyo wawo. Ankafuna kumvetsa matenda a kusowa kwa zakudya m'thupi, makamaka kwashiyoko, aja otupitsa mapazi ndi nkhope, osandutsa tsitsi lofiirira ndi lonyonyoka.

Zotsatira zinafalitsidwa mu 2013. Theka la mapeyala anakula bwino onse awiri. Pa mapeyala 7 pa 100 alionse, ana onse awiri anadwala. Koma pa mapeyala 43 pa 100 alionse, mmodzi anadwala pamene mnzake anali bwino. Taganizirani zimenezi: bere limodzi, phala limodzi, mphasa imodzi, wina watupa wina akusewera. Ndipo mapasa ofanana sanaonetse kudwalira limodzi kuposa osafanana. Pano tisathamange, pakuti mapasa ofanana anali ochepa pagululo, ndipo sitinganene kuti majini alibe mbali. Koma chala chikuloza kwambiri ku gawo lija la zimene mwana amakumana nazo payekha.

Apa mapasa anagwira ntchito ina. M'malo mowerengera gawo la chibadwa, ofufuza anayerekeza mwana wodwala ndi mnzake wobadwa naye, popeza awiriwa amafanana pa zambiri moti chosiyanacho chimaonekera. Anayang'ana tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matumbo mwa munthu aliyense n'kumathandiza kugaya chakudya. Mwa ana athanzi, gulu la tizilomboti linkakhwima mwana akamakula. Mwa odwala kwashiyoko linkatsalira m'mbuyo. Ana onse awiri a peyala yotere ankapatsidwa chiponde. Chinkawathandiza, ndipo tizilombo ta wodwalayo tinkayamba kusintha, koma chiponde chikatha tinkabwerera mwakale.

Kenako anatenga chimbudzi cha ana a mapeyala atatu n'kuika tizilombo take m'matumbo mwa mbewa za mu labotale, zoleredwa popanda kachilombo kalikonse m'thupi. Mbewazo ankazidyetsa chakudya chotsanzira cha kumudzi kuno, cha ufa wa chimanga ndi ndiwo zamasamba. Pa mapeyala awiri mwa atatuwo, mbewa zolandira tizilombo ta mwana wodwala zinawonda kwambiri, pamene zolandira ta mnzake wathanzi sizinatero. Mbewa zowondazo zitapatsidwa chiponde zinayamba kubwerera. Tizilombo patokha sitinali kokwanira kudwalitsa, chakudya chosakwaniracho pachokhanso ayi. Zinkafunika zonse ziwiri. Mapeyala atatu ndi ochepa, ndipo chimene chimayambitsa kwashiyoko chikufufuzidwabe, koma khomo latsopano linatseguka chifukwa cha amayi a kumudzi amene ankanyamula ana awiriawiri kupita nawo kukayezedwa.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndikudziwa zimene mayi wa mwana wotupa amamva pamudzi. Ena amati ndi tsempho, makolo sanadzisunge. Ena amati ndi wosasamala, amakondera mwana mmodzi. Ena amati ndi za kumtundu, palibe chochita. Mapeyala 317 a mapasa aja akusonyeza kuti mayi mmodzi, wophika mphika umodzi, angathe kukhala ndi mwana wodwala ndi wathanzi pa nthawi imodzi, ndipo zimenezi si zachilendo.

Inu amene muli ndi mapasa pakhomo, kapena mwana aliyense wosafika zaka zisanu, musayeze thanzi la mmodzi poyang'ana mnzake, ndipo musadzitonthoze ndi mawu akuti kwathu ndife aang'onoang'ono. Pitani nawo kusikelo mwezi ndi mwezi, aliyense ndi khadi lake. Mukaona mapazi ayamba kutupa, dinikizani ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri n'kuwerenga mpaka katatu; pakatsala kadzenje, nyamukani tsiku lomwelo kupita kuchipatala, ndipo winayo musamusiye kunyumba.